Apu ya banki ikaonetsa balansi yolakwika itangosinthidwa: kalata imene a kubanki angagwire nayo ntchito

Makalata ambiri odandaula za balansi amene amafika ku nthambi yothandiza makasitomala amanena chinthu chimodzi: "Ndalama zanga zasowa chisinthireni apu yanu, ndithandizeni msanga." Amene walemba choncho sanalakwe. Munthu akatsegula foni n'kupeza kuti ndalama zimene amadziwa kuti zilipo sizikuoneka, mtima umakhala m'mwamba ndipo mawu amene amatuluka ndi omwewo. Vuto n'lakuti kalata yotere siuza wa kubanki poyambira. Iye amatsegula akaunti pa kompyuta yake, n'kuona nambala ina, n'kuyankha kuti zonse zili bwino, yesaninso kulowa. Kasitomala amakwiya, kalata yachiwiri imalembedwa mopsa mtima, ndipo sabata yatha asanamvane kuti akukamba za nambala iti.

Kuti kalata igwire ntchito, iyenera kuthandiza wa kubanki kudziwa kumene kwalakwika. Ndipo kuti muilembe choncho, pali chinthu chimodzi choyenera kumvetsa kaye: ndalama zanu sizikhala mu apu.

Zimene muli nazo kubanki zimalembedwa m'kaundula wamkulu wa banki, amene amasungidwa m'makompyuta a bankiyo. Kumeneko n'kumene kumalembedwa ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Apu ya pafoni ili ngati zenera loonera kaundulayo. Mukaitsegula, imatumiza funso kudzera pa intaneti kupita ku seva ya banki, kompyuta imene imaima pakati pa apu ndi kaundula, sevayo imafunsa kaundula, yankho limabwerera njira yomweyo, ndipo apu imalilemba pa sikirini. Choncho nambala imene mukuona yadutsa malo atatu: kaundula, seva ya pakati, ndi foni yanu. Apudeti imene mwatsitsa ku Play Store kapena App Store imasintha za pafoni. Nthawi zina a banki amasinthanso za pa seva tsiku lomwelo kuti zigwirizane ndi apu yatsopano. Koma kutsitsa apu pafoni pakokha sikuchotsa tambala ndi imodzi yomwe m'kaundula. Ichi n'chifukwa chake balansi ikasokonekera apu itangosinthidwa, kawirikawiri chalakwika ndi zenera, ndalama zili pomwe zinali. Tikuti kawirikawiri, osati nthawi zonse, chifukwa zimachitikanso kuti ndalama zinatulukadi mu akaunti ndipo mwangozindikira tsiku la apudeti chifukwa ndi tsiku limene munatsegula apu. Ntchito ya kalata yanu ndi kusiyanitsa ziwirizi.

Musanalembe, pezani nambala yachiwiri

Nambala imodzi siuza munthu kanthu. Mukanena kuti apu ikuonetsa K261,250, wa kubanki sangadziwe ngati n'zolakwika pokhapokha pakhale ina yoyerekeza nayo. Nambala yachiwiriyo muipeze kudzera njira ina imene sidutsa mu apu. Yapafupi ndi nambala ya nyenyezi ija mumaimba pafoni popanda intaneti, imene amaitcha USSD. Ina ndi makina a ATM, ndipo ngati kuli kotheka sankhani a banki yanu yomwe, mutulutse kapepala ka balansi kapena ka zochitika zomaliza. Ina ndi kulowa pa tsamba la banki pa kompyuta. Meseji yomaliza imene banki inakutumizirani ndalama zitalowa kapena kutuluka imathandizanso, chifukwa mabanki ambiri amalembamo balansi yotsala, koma dziwani kuti meseji imanena za nthawi imene inatumizidwa, osati za panopa.

Chofunika kwambiri n'chakuti nambala ziwirizi muzione nthawi imodzi, pasadutse mphindi zisanu, ndipo mulembe nthawiyo. Mukaona apu m'mawa, USSD madzulo, pakati pakepo pakhoza kulowa kapena kutuluka ndalama, ndipo umboni wanu wafooka.

Jambulani zimene apu ikuonetsa musanakhudze china chilichonse. Ma apu ambiri a mabanki salola kujambula sikirini pa Android. Mukayesa, chithunzi chimatuluka chakuda kapena foni imakana. Amachita dala pofuna kuteteza akaunti yanu. Zikatero bwerekani foni ya wina wa m'nyumba mujambule sikiriniyo ngati mmene mungajambulire pepala, n'kuonetsetsa kuti nthawi ya pamwamba pa foni ikuoneka. Mukatumiza chithunzicho ku foni yanu, chifufuteni mu foni yobwerekayo.

Apa anthu ambiri amalakwitsa ndi changu. Akangoona nambala yachilendo amachotsa apu n'kuiikanso. Nthawi zina vuto limathadi, koma umboni wapita nalo, ndipo ngati libweranso mawa palibe choonetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Jambulani kaye, kukonza kubwere pambuyo.

Kusiyana kwa nambala ziwirizo kumanena zambiri

Tiyerekeze nkhani yonse ndi manambala ake. Mphunzitsi wina ali ndi akaunti imene malipiro ake amalowa. Lachinayi pa 27 Malichi anatsegula apu n'kuona K261,250. Lachisanu pa 28 malipiro a K300,000 analowa, ndipo meseji inafika yonena kuti balansi ndi K561,250. Loweruka pa 29 bandulo inali itatha, choncho analipira lendi kudzera pa USSD, ndipo mu akaunti munatuluka K75,000, kuphatikizapo ndalama imene banki imadula potumiza. Meseji inati kwatsala K486,250. Lachitatu pa 2 Epulo anagula bandulo, foni inatsitsa apudeti, apu inachoka pa 4.2.1 kufika pa 4.3.0. Atalowa, inaonetsa K261,250. Nthawi yomweyo anaimba USSD, ndipo inati K486,250.

Kusiyana kwake ndi K225,000. Munthu akayang'ana nambala imeneyi payokha amasokonezeka, chifukwa palibe tsiku limene anatumiza kapena kulandira K225,000, ndipo maganizo amathamangira kwa akuba. Koma chotsani K75,000 ya lendi pa K300,000 ya malipiro. Yatsala K225,000. Ndiye kuti apu sikudziwa za malipiro, sikudziwanso za lendi. Ikuonetsa ndendende nambala imene inaona komaliza Lachinayi. Palibe ndalama yasowa. Apu yaima pa tsiku lakale.

Izi zimachitika chifukwa ma apu ena amasunga pafoni zimene anaona komaliza, kuti azitseguka msanga netiweki ikakhala yofooka. Mwa dongosolo lake, apu imayenera kuonetsa nambala yakaleyo kwa kanthawi kochepa kwinaku ikufunsa seva, yankho likafika n'kusintha. Koma ngati apu yatsopano ikufunsa m'njira imene seva sinakonzekere kuyankha, kapena yankho likubwera m'kalembedwe kamene apu ikulephera kuwerenga, nambala yakale imangokhala pomwepo. Choipa chake n'chakuti ma apu ena sanena kuti alephera. Amangoonetsa nambala ngati kuti ndi ya lero. Ngati pansi pa balansi pali mawu akuti `Last updated` ndi tsiku, yang'anani tsikulo. Likhoza kukupatsani yankho lonse pomwepo.

Masamu amenewa ndi mtima wa kalata. Tengani kusiyana kwa nambala ziwirizo, mubwerere m'mameseji a banki kuchokera kumapeto, muziwonkhetsa zolowa n'kuchotsa zotuluka, mpaka mupeze tsiku limene balansi inali yofanana ndi imene apu ikuonetsa. Mukalipeza tsikulo, mwagwira theka la ntchito imene wa kubanki akanaigwira.

Sikuti nthawi zonse yankho limakhala limenelo. Pali mtundu wina wa kusiyana umene umasokoneza anthu kwambiri, chifukwa nambala zonse ziwiri zimakhala zoona. Akaunti iliyonse ili ndi mabalansi awiri. Ina ndi ya zonse zimene zalembedwa kale m'kaundula, imene pa sikirini imatchedwa `Ledger balance`, `Book balance` kapena `Current balance`, malinga ndi banki. Inayo ndi ndalama zimene mungathe kugwiritsa ntchito panopa, `Available balance`. Ziwirizi zimasiyana pamene ndalama zina zagwiridwa. Mukalipira K40,000 ndi khadi pa sitolo kapena pomwetsera mafuta, banki imayamba yaigwira ndalamayo kuti musaigwiritsenso ntchito, koma imailemba m'kaundula pambuyo pake, a sitolo akatumiza zonse zimene anagulitsa. Pa nthawi yodikirayo, `Available balance` yatsika ndi K40,000 pomwe inayo sinasinthe. Cheke chimene mwasungitsa koma sichinatsimikizidwe chimachita mosiyana: chikhoza kuoneka m'kaundula koma simungachitape. Tsono ngati apu yakale inkaonetsa imodzi patsogolo, yatsopano n'kusankha kuonetsa inayo, mwini akaunti amaona ngati ndalama zadumpha usiku umodzi. Mungazindikire izi ngati kusiyanako kukufanana ndi zimene munagula ndi khadi masiku apitawa, kapena ndi ndalama imene makina a ATM anakana kutulutsa koma meseji inati yatuluka. Werengani mawu ang'onoang'ono amene ali pamwamba pa nambala, ndipo m'kalata muwalembe monga mmene alili pa sikirini. Musangoti balansi.

Zina n'zosavuta kuona. Amene ali ndi maakaunti awiri, yosungira ndi yolandirira malipiro, aone manambala anayi omaliza a akaunti imene ikuoneka, chifukwa apudeti ikhoza kusintha imene ikubwera koyamba. Ndipo ngati manambala ndi omwewo koma kadontho kasuntha, monga K4,862.50 kapena K48,625,000 m'malo mwa K486,250.00, vuto ndi la matambala. Mapulogalamu ambiri a ndalama amasunga ndalama ngati nambala yathunthu ya matambala, n'kugawa ndi 100 poonetsa, popeza kwacha imodzi ndi matambala 100. Apu ikaiwala kugawa, kapena ikagawa kawiri, zotsatira zake ndi zimenezo. Vuto lotere limagwirizananso nthawi zina ndi chilankhulo kapena dziko limene munasankha mu foni, chifukwa mayiko ena amalemba chizindikiro cha koma pamalo pamene ife timaika kadontho. Ngati foni munaigula kunja kapena inabwera ndi wachibale wochokera ku Joni ndipo simunasinthe dziko lake, tchulani zimenezi m'kalata.

Koma ngati apu, USSD ndi ATM zonse zikunena nambala imodzi, ndipo nambalayo ndi yochepa kuposa imene mukudziwa, imeneyo si nkhani ya apu. Ndalama zatulukadi kapena zagwiridwa. Musadikire yankho la imelo. Imbani nambala imene ili kuseri kwa khadi lanu, mupemphe kuti akuwerengereni zochitika zomaliza, ndipo ngati pali chimene simukuchidziwa, atseke khadi ndi njira zolowera pafoni nthawi yomweyo. Kalata ibwere pambuyo ngati umboni wolembedwa.

Zimene mungayese nokha, ndi pamene muyenera kulekera

Mukatha kujambula, yesani zinthu zochepa zimene sizingaononge kanthu, chifukwa ndi zomwezo zimene wa kubanki angakuuzeni poyamba, ndipo kalata ikanena kuti mwayesa kale, mwadumpha yankho loyamba lija. Kokerani sikirini pansi kuti apu ifunsenso. Tulukani bwinobwino podina `Log out`, mulowenso. Sinthani njira ya intaneti, ngati munali pa Wi-Fi yesani bandulo. Onaninso kuti tsiku ndi nthawi ya foni zili zolondola, chifukwa foni imene wotchi yake yasokonekera imalephera kulumikizana ndi seva zotetezedwa. Pa Android mukhoza kufufuta zosungidwa zakanthawi motere, ngakhale mayina amasiyanako pang'ono malinga ndi foni:

```
Settings > Apps > dzina la apu > Storage > Clear cache
```

Pafupi ndi batani limeneli pali lina lolembedwa `Clear data` kapena `Clear storage`. Limenelo musalidine mwachisawawa. Limabwezera apu ngati yatsopano, ndipo mabanki ambiri amamangirira akaunti ku foni imodzi, choncho mudzafunika kulembetsanso ndi nambala yachinsinsi imene imabwera pa meseji. Ngati simukhadi imene munalembetsa kubanki mulibe nayo pafupi, kapena muli kunja kwa dziko kumene mameseji a kumudzi safika, mukhoza kudzitsekera kunja kwa akaunti yanu. Kuchotsa apu n'kuiikanso kumachita chimodzimodzi. Pa iPhone palibe batani lofanana ndi `Clear cache` la apu iliyonse, choncho lekerani pa kutuluka n'kulowanso.

Nambala ya mtundu wa apu muipeze pa tsamba lomwelo la `App info`, pamene palembedwa `Version`, kapena m'kati mwa apu pa `About`. Pa iPhone imaoneka mukalowa `Settings > General > iPhone Storage` n'kudina dzina la apu. Nambala imeneyi ikuoneka yaing'ono koma kwa okonza mapulogalamu ndi yofunika kuposa chilichonse, chifukwa apudeti siifika kwa anthu onse tsiku limodzi. Akalandira makalata angapo onse otchula 4.3.0 pa mtundu umodzi wa Android, amadziwa pofufuza ndipo akhoza kuimitsa apudetiyo isanafike kwa ena.

Pali funso limodzi limene tikupempha kuti muliyankhe moona mtima: apuyo munaitenga kuti? Kwathu kuno n'chizolowezi kupatsana ma apu pa Xender kapena pa WhatsApp pofuna kupulumutsa bandulo. Pa apu ya banki zimenezi n'zoopsa. Fayilo imene mnzanu wakupatsani ikhoza kukhala yakale imene seva inasiya kuimvetsa, ndipo choipa kwambiri, ikhoza kukhala yabodza yopangidwa kuti itenge pini yanu. Ngati "apudeti" inabwera ngati linki pa meseji kapena pa gulu la WhatsApp, ndipo balansi yasokonekera mutangoiika, itengeni ngati nkhani ya kuba mpaka a banki atsimikize kuti si choncho.

Kalatayo

Nayi kalata ya nkhani ya mphunzitsi uja. Manambala ndi ongoyerekeza, koma kamangidwe kake n'kamene tikufuna muone.

*Mutu: Apu ikuonetsa balansi yakale chiikireni 4.3.0, akaunti yothera 0417*

*Bwana kapena Dona,*

*Ndikulemba kudziwitsa kuti apu yanu ya pafoni ikuonetsa balansi yosiyana ndi imene ndikuona pa USSD, pa akaunti yanga yothera ndi manambala 0417.*

*Lachitatu pa 2 Epulo, nthawi ya 08:15, apu inaonetsa K261,250.00 pansi pa mawu akuti Available balance. Nthawi ya 08:18 ndinafunsa pa USSD ndipo inati K486,250.00. Kusiyana kwake ndi K225,000.00. Meseji yomaliza imene munanditumizira, ya Loweruka pa 29 Malichi nthawi ya 10:42, inatinso K486,250.00.*

*Nambala imene apu ikuonetsa ndi imene inali mu akaunti Lachinayi pa 27 Malichi, tsiku lomaliza limene ndinatsegula apu isanasinthidwe. Chichokereni tsikulo pachitika zinthu ziwiri: K300,000.00 inalowa pa 28 Malichi, ndipo K75,000.00 inatuluka pa 29 Malichi kudzera pa USSD. Zonse ziwiri sizikuoneka pa mndandanda wa zochitika mu apu.*

*Vutoli layamba apu itasintha kuchoka pa 4.2.1 kufika pa 4.3.0 m'mawa wa pa 2 Epulo, kudzera ku Play Store. Foni yanga ndi ya Android 13. Ndatuluka n'kulowanso kawiri, ndayesa pa Wi-Fi ndi pa bandulo, ndadinanso Clear cache, koma nambala sinasinthe. Sindinachotse apu ndipo sindinadine Clear data, kuti ngati mukufuna kuona vutoli lidakalipo.*

*Ndikupempha zinthu zitatu. Munditsimikizire polemba balansi yeniyeni ya akauntiyi pa 2 Epulo. Munditumizire sitetimenti ya kuyambira pa 27 Malichi kufika pa 2 Epulo. Mundiuze ngati n'kotetezeka kutumiza ndalama kudzera mu apu vutoli lisanakonzedwe, popeza ndili ndi fizi yoti ndilipire pofika Lachisanu pa 4 Epulo.*

*Ndaphatikiza zithunzi zitatu: cha apu, cha USSD, ndi cha meseji ya pa 29 Malichi. Chonde ndipatseni nambala ya dandaulo langali. Mungandipeze pa nambala ya foni ndi imelo zimene zili pa akaunti yanga.*

*Ndine kasitomala wanu,*
*dzina monga mmene lilili pa akaunti*

Taonani mutu wake. Ku nthambi yothandiza makasitomala kumafika makalata ambiri pa tsiku, ndipo woyamba kuwaona amawagawa poyang'ana mutu: ili ndi la makhadi, ili ndi la ngongole, ili ndi la a zamakompyuta. Mutu wakuti "Thandizo" kapena "Mwamsanga" umachititsa kuti kalata idikire munthu woti aitsegule n'kuganiza kumene ipite. Mutu wotchula apu, mtundu wake ndi manambala omaliza a akaunti umapita wokha kumene ukuyenera.

Taonaninso kuti kalatayi sikunena kuti "ndalama zanga zasowa". Mawu amenewo akalembedwa, dandaulo limapita kwa ofufuza za ndalama, iwo amayang'ana kaundula, amapeza kuti zonse zilipo, n'kulitseka kuti palibe vuto. A zamakompyuta salimva n'komwe, ndipo apu imakhala ikunamizabe anthu ena. Kalatayi yalekanitsa zimene wolemba waona ndi zimene akuganiza. Yanena kuti nambala ya mu apu ikufanana ndi ya pa 27 Malichi, chimene aliyense angachitsimikize, koma sinalamule kuti chalakwika n'chakutichakuti. Chifukwa chenicheni akachipeza okha amene akuona za pa seva.

Chiganizo chonena kuti zochitika ziwirizo sizikuoneka pa mndandanda wa mu apu chili ndi ntchito yake. Ngati mndandanda ukuonetsa malipiro ndi lendi koma nambala ya pamwamba ndi yakale, ndiye kuti apu ikulankhula ndi seva bwinobwino ndipo chalakwika ndi kagawo kamodzi koonetsa balansi. Ngati mndandanda nawonso waima pa 27 Malichi, apu yonse sikulandira zatsopano. Kwa wokonza, awa ndi mavuto awiri osiyana, ndipo chiganizo chimodzi chanu chimamupulumutsa tsiku lonse lofufuza.

Zopempha zikhale zoti munthu angathe kuchita n'kunena kuti wachita. "Konzani vutoli" n'kovuta kuliyankha, chifukwa wolandira kalata si amene amalemba pulogalamu ndipo sangalonjeze tsiku. Koma kutsimikiza balansi polemba, kutumiza sitetimenti, ndi kunena ngati mungagwiritse ntchito apu, zonsezo angathe tsiku lomwelo. Kutchula tsiku la fizi sikuopseza. Kukungomuthandiza kudziwa kuti dandaulo ili lisakhale pansi pa mulu.

Ngati mukuona kuti mulembe m'Chingerezi, lembani, kamangidwe n'komweko. Ngati Chichewa n'chimene mungafotokoze nacho bwino, lembani m'Chichewa. Manambala, masiku ndi nthawi zimawerengeka chimodzimodzi m'zilankhulo zonse ziwiri, ndipo ndi zimenezo zimene zimagwira ntchito.

Zosayenera kulowa m'kalata

Pini yanu, mawu achinsinsi olowera mu apu, nambala ya OTP imene imabwera pa meseji, nambala yonse ya khadi, ndi manambala atatu a kuseri kwa khadi, zonsezi zisalowe m'kalata, ngakhale pa chithunzi. Wa kubanki weniweni sazifuna kuti aone akaunti yanu, ndipo sayenera kukufunsani. Manambala anayi omaliza a akaunti pamodzi ndi dzina lanu n'zokwanira poyambira; akafuna kutsimikiza kuti ndinu, ali ndi njira zawo. Yang'anani zithunzi musanatumize, chifukwa pojambula meseji ya banki n'kosavuta kujambula pamodzi meseji ya OTP imene ili pamwamba pake.

Imelo yotumizako muitenge kuseri kwa khadi, pa sitetimenti, pa tsamba lenileni la banki kapena ku nthambi. Tikunena izi motsindika chifukwa masiku amene apu ya banki yavuta ndi masiku amene akuba amakolola. Anthu amalemba madandaulo pa tsamba la Facebook la banki, ena mpaka kuikapo nambala ya foni, ndipo pasanathe ola wina amaimba mwaulemu kuti ndi wa kubanki, wamva vuto lanu, mungomuwerengera nambala imene ifike pa meseji kuti abwezeretse balansi. Nambala imeneyo ndi kiyi yolembetsera akaunti yanu pa foni yake. Wina akakuimbirani pa nkhani ya dandaulo lanu, mufunseni nambala ya dandaulolo. Ngakhale aitchule, akangopempha pini kapena OTP, dulani foni muimbe nokha ku banki.

Balansi ikakhala yochuluka kuposa yanu

Anthu amalemba msanga nambala ikatsika, koma ikakwera ambiri amangokhala chete. Pamenepo m'pamene pali ngozi yaikulu kwa mwini akaunti. Tiyerekeze kuti apu ya mphunzitsi uja inaima pa K561,250, lendi isanatuluke. Iye akhoza kupanga bajeti ya mwezi poganiza kuti ali ndi K75,000 imene kulibe. Akayesa kutumiza zoposa zimene zilipo, kaundula amakana, ndipo kukanako n'kwabwino. Koma akatapa ndalama zambiri podalira nambala yabodzayo, ngongole imene banki imadula yokha pa tsiku lake, kapena inshuwalansi, ikhoza kupeza mu akaunti mulibe zokwanira, ndipo chindapusa chake chimagwera iye. Ngati ndalama zinalowadi mu akaunti molakwika, banki ikazindikira imazibweza, ndipo amene wazidya kale amatsala ndi ngongole. Kalata ya tsiku loyamba, yokhala ndi nthawi ndi zithunzi, ndi imene imaonetsa kuti munanena msanga, ndipo ndi imene mungaimirepo popempha kuti chindapusa chobwera chifukwa cha nambala yolakwika chichotsedwe.

Pa nthawi yodikira yankho, gwiritsani ntchito nambala yaing'ono mwa ziwirizo popanga mapulani. Mukatumiza ndalama pa apu ndipo balansi sinasinthe, musatumizenso. Funsani kaye pa USSD kapena kwa wolandira, chifukwa apu imene yaima siionetsa kuti ndalama zapita, ndipo anthu alipirapo kawiri mwa njira imeneyi. Kubweza ndalama zimene zapita kale ku banki ina kapena ku Airtel Money ndi Mpamba kumatenga nthawi yaitali kuposa kukonza nambala ya pa sikirini.

Nambala ya dandaulo muisunge, ndipo mufunse kuti ayankha pofika liti. Tsikulo likadutsa, yankhani pa imelo yomweyo kuti mbiri yonse ikhale pamodzi, muonjezere nambala ziwiri za tsiku limenelo, ya apu ndi ya USSD, ndi nthawi yake. Mukapita ku nthambi, tengani kalatayo yosindikiza makope awiri, adinde chidindo cha tsiku pa imodzi mubwerere nayo. Ngati nkhaniyo yakudyerani ndalama ndipo banki yalephera kuithetsa kudzera m'njira zake, mukhoza kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, kumene Gavanala ndiyenso Registrar of Financial Institutions, woyang'anira mabanki pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010. Kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu, choncho tengani kalata yoyamba, nambala ya dandaulo, mayankho onse amene munalandira, ndi sitetimenti ya masiku amene mukukamba.